Kumasulira malangizo okonzera mjigo kuti manja athe kuwatsatira

Mijigo yambiri ya m'midzi ya ku Malawi ndi ya mtundu wa Afridev. Mjigowu unayambira kuno komwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, uli ndi dzina loti Maldev, ndipo anakaumalizitsa ku Kenya. Amene anaupanga ankafuna kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi ndi mbedza yovuulira zipangizo za pansi, osadikira galimoto yochokera ku boma. N'chifukwa chake zipangizo zonse zimene zimatha msanga zimatulukira pamwamba popanda kuzula mapaipi. Koma buku la malangizo ake linalembedwa m'Chingerezi, pamene wogwira sipanalayo ndi mayi kapena bambo wa m'komiti ya mjigo, amene mwina anaphunzitsidwa kamodzi zaka zingapo zapitazo. Pakati pa bukulo ndi munthuyo pamakhala womasulira.

Ntchito ya womasulira ameneyu ndi yosiyana ndi ya womasulira nkhani ya m'nyuzipepala kapena ulaliki. Wowerenga malangizo sakhala pampando. Amakhala ataimirira pa simenti, manja ali ndi dzimbiri, mnzake akumuwerengera pepala, anthu a ndowa zawo akudikira pambali. Amamva chiganizo chimodzi, kuchita zimene wamvazo, kenako kufunsa chotsatira. Choncho funso loyenera kudzifunsa pa chiganizo chilichonse si lakuti kodi chikufanana ndi cha m'Chingerezi, koma lakuti kodi munthu akachimva manja ake achita chiyani. Tiyeni titsatire ntchito imodzi yokha, yosintha labala wa pa pulanja, kuti tione pamene womasulira amapunthwa.

Kuti timvane, nazi zimene zili m'kati mwa mjigo. Handulo imagwedezeka pa pini imodzi, ndipo kumapeto kwake kuli pini yachiwiri imene imanyamula ndodo zachitsulo kudzera m'chokolekera ndodo, chimene chili ndi bowo lotchedwa diso pamwamba pake. Mapini onsewa amazungulira m'mabushi a pulasitiki. Ndodozo ndi zolumikizana, iliyonse yotalika pafupifupi mamita 3, ndipo zimatsika m'mapaipi mpaka ku silinda, paipi yaifupi ya pansi m'mene madzi amakwezedwera. Kumapeto kwa ndodo yomaliza kuli pulanja, imene imakweza madzi. Pansi pa pulanja pali futuvalavu, imene imaletsa madzi kubwerera m'chitsime. Ndi zimenezo basi, koma chilichonse chili ndi dzina lake, malo ake ndi nthawi yake yotulukira.

Kulamula munthu wamkulu

Buku la Chingerezi limalamula ndi mneni wosavala kanthu, ndipo mneniyo sasintha kaya akulamulidwayo ndi mwana, gulu kapena mfumu. Chichewa sichilola zimenezo. Womasulira ayenera kusankha pakati pa "masula", "masulani", "mumasule", "muyenera kumasula" ndi "kumasula". Zonsezi ndi Chichewa chabwino, koma sizigwira ntchito imodzi. "Masula" ndi mawu ouza mwana kapena mnzako wa msinkhu umodzi, ndipo papepala loti aliwerenge a tcheyamani a komiti amamveka mwano. "Muyenera kumasula" ndi kulangiza, ndipo kumachedwetsa mneni weniweni. "Kumasula" ndi mutu wa ndime, osati lamulo. Chotsala ndi "masulani", chimene chili ndi ulemu wokwanira, n'chachifupi, ndiponso chimaika chochitikacho patsogolo penipeni pa chiganizo, pamene khutu limayambira kumva.

Omasulira ena amaopa kuti kulamula motere n'kouma, ndiye amathirako "chonde" kapena "mukupemphedwa kuti". Ine sindigwirizana nazo. Ulemu wa Chichewa uli kale mu "-ni", ndipo munthu amene wanyamula ndodo zolemera safuna kupemphedwa. Choipa kwambiri n'chakuti "chonde" akapezeka pa masitepe ena n'kusowa pa ena, wowerenga amayamba kuganiza kuti ena ndi ongopempha, oti akhoza kuwadumpha. Mukasankha "-ni", khalani pomwepo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Vuto lalikulu silili pa ulemu. Lili pa timawu ting'onoting'ono timene timalowa m'kati mwa mneni. Taonani awiriwa: "musachotse handulo" ndi "musanachotse handulo". Kusiyana kwake ndi "na" yekha, koma woyambayo akuletsa, pamene wachiwiriyo akunena kuti handulo ichotsedwa ndithu, kungoti pali china choyamba kuchita. Pepala likafufutika ndi madzi, kapena wowerenga akamathamanga, "na" uja amasowa. Chimodzimodzinso "mukachotsa" ndi "mukachotse": wina akunena za nthawi imene mwachotsa, winayo akukutumani kuti mupite mukachite. Palinso "muzitsuka" ndi "muzitsuke". "Muzitsuka ndodo" ndi lamulo la nthawi zonse, pamene "muzitsuke" ndi kutsuka zinthu zimene zatchulidwa kale, kamodzi kokha, pompano. Polankhula, kakwezedwe ka mawu ndi nkhope ya wolankhula zimathandiza. Papepala palibe zimenezo, pakuti kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu.

Njira yotetezeka ndi kugawira mtundu uliwonse wa mneni ntchito imodzi. "Musa-" akhale woletsa basi. "Musana-" achoke m'masitepe, ndipo m'malo mwake masitepewo angosanjidwa m'ndondomeko imene amachitikira: choyamba kuchita chilembedwe poyamba. "Muzi-" wa nthawi zonse asungidwe ku gawo la kasamalidwe ka mjigo, kumene timalemba zinthu ngati "muziyang'ana manati sabata iliyonse", ndipo nthawiyo itchulidwe poyera kuti pasakhale kukayika.

Pali chinthu chinanso chimene Chingerezi cha akatswiri chimakonda, ndicho kunena kuti chinthu chichitidwe osatchula wochita. Womasulira akatsatira zimenezo amalemba kuti "mapaipi azulidwe ndi kuyang'anidwa". Azulidwe ndi yani? Pa mjigo wa Afridev funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa ntchito zinagawidwa. Kusintha mabushi ndi malabala ndi kwa komiti. Kuzula mapaipi, kudula pamene pang'ambika ndi kumatanso ndi guluu ndi kwa makaniko wa m'dera, amene anaphunzitsidwa zimenezo. Chiganizo chobisa wochita chikhoza kutuma komiti kukazula mapaipi otalika mamita 30 popanda zipangizo zake. Apa womasulira afunse eni buku kuti wochita ndani, kenako alembe kuti "itanani makaniko wa m'dera kuti azule mapaipi". Wawonjezera mawu amene mulibe m'Chingerezi, koma wasunga chimene bukulo limafuna.

Labala uti?

Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu limodzi ndi umphawi wa mawu, ndipo wolemba wabwino amasinthasintha. M'buku la malangizo chiphunzitso chimenecho chimawononga. Ngati pa sitepe yachitatu mwalemba "handulo", pa yachisanu "chojigira", pa yachisanu ndi chiwiri "chogwirira", wowerenga ali ndi ufulu woganiza kuti mukunena zinthu zitatu, ndipo ayamba kufunafuna ziwiri zimene palibe. Chipangizo chimodzi chikhale ndi dzina limodzi, ndipo dzina limodzi liloze chipangizo chimodzi. Mbali yachiwiriyi ndiyo imaiwalika kawirikawiri.

Taganizirani liwu loti "labala". M'mjigo wa Afridev muli malabala a mitundu inayi. Pali yusilo, amene amazungulira pulanja ndi kukhudza khoma la silinda. Pali oring'i, amene amakhala pa futuvalavu kuti madzi asadutse m'mbali. Pali bobini, kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi, ndipo mabobiniwo ndi awiri, wina mu pulanja, wina mu futuvalavu. Palinso masentalaiza a pa ndodo, oletsa chitsulo kukhula mapaipi. Pa mjigo anthu amangoti "labala watha", ndipo amamvana chifukwa akuloza ndi chala. Koma womasulira akalemba kuti "ngati madzi akutuluka ochepa, sinthani labala", watuma msungichuma wa komiti kusitolo osadziwa choti agule. Kukagula oring'i pamene watha ndi yusilo ndiye kuti ndalama za anthu zapita, ulendo wapita, ndipo mjigo udakali chimodzimodzi.

Nanga mayinawo achokere kuti? Pali omasulira amene amafuna kupeka dzina la Chichewa chenicheni pa chipangizo chilichonse, monga "chokankhira madzi" m'malo mwa pulanja, kapena "chitseko cha pansi" m'malo mwa futuvalavu. Cholinga chawo n'chabwino, koma dzina la m'buku liyenera kugwira ntchito pa kauntala ya sitolo ya zipangizo. Wogulitsa amadziwa pulanja, bushi ndi bobini, ndipo makaniko amatchula chimodzimodzi. Choncho mndandanda wa mayina suyambira m'mutu mwa womasulira. Umayambira pa kukhala pansi ndi amakaniko awiri kapena atatu a m'madera osiyana, zipangizo zili pamphasa, kunyamula chimodzichimodzi ndi kufunsa kuti ichi mumachitcha chiyani. Pamene akugwirizana, dzina lapezeka. Pamene akusiyana, sankhani limodzi, ndipo linalo litchulidwe kamodzi kokha pa tsamba la zithunzi. Kufotokoza kwa Chichewa kuja sikutayidwa ayi. Kumaikidwa pamene dzina likuonekera koyamba, monga "futuvalavu, imene imaletsa madzi kubwerera pansi", kenako dzinalo limayenda lokha.

Pamene amisiri alibe dzina lokhazikika, kapena dzina lobwereka ndi lovuta kutchula, kupeka kumathandiza, malinga ngati dzina lopekalo likuloza chimene maso akuona. Mapini awiri aja ali ndi mayina a Chingerezi amene akalembedwa m'Chichewa sauza munthu kanthu. "Pini ya handulo" ndi "pini ya ndodo" ndi mayina amene munthu angawatsimikize pongoyang'ana chimene pini iliyonse yanyamula. Ndipo buku likamapita kwa olankhula Chinyanja a ku Tete kapena ku Niassa, kumene Afridev alinso wofala, mndandandawu ufunsidwenso kumeneko, pakuti mawu obwereka a kumeneko ambiri amachokera ku Chipwitikizi.

M'Chichewa kukhazikika kwa dzina kumafikanso pa gulu lake. Mawu obwereka sakhala ndi gulu limodzi kwa anthu onse: wina amati "pulanja iyi", wina "pulanja uyu". Zonse zimamveka, koma buku lisankhe chimodzi, chifukwa kuchokera pa chisankho chimenecho ndi pamene pamabwera "ichotseni" kapena "muchotseni". Ndipo pali msampha wina. Pini, nati, sipanala ndi handulo zikakhala zonse m'gulu limodzi, "ichotseni" sanenanso kuti chichotsedwe n'chiyani. M'nkhani wamba wowerenga amalingalira yekha. M'malangizo bwerezani dzinalo: "chotsani pini ya ndodo". Kamlowam'malo ka m'mneni kagwiritsidwe ntchito pokhapokha dzina lake lili m'chiganizo chapafupi ndipo palibe chinthu china cha gulu lomwelo pakati.

Aneni nawonso ndi mayina a ntchito, ndipo amafuna mwambo womwewo. Pa mjigowu pali sitepe imene manati a mapini amangofooketsedwa osachotsedwa, kuti mapini atsetsereke m'mipata yake pamodzi ndi handulo. Chingerezi chili ndi aneni awiri osiyana a kufooketsa ndi kuchotseratu. Ife tikati "masulani", ambiri amapotokola mpaka nati itagwera m'manja. Ndiye mndandanda unene kuti "khwefulani" ndi kufooketsa kokha, "chotsani" ndi kuchotseratu, "mangani" ndi kulimbitsa ndi sipanala, ndipo aneni atatuwa asalowane m'malo paliponse m'bukumo.

Chiganizo chimodzi, ntchito imodzi

Nkhani ya ziganizo zazifupi inayambira ku ndege. Makampani a ndege a ku Ulaya anaona kuti amisiri ambiri okonza ndege Chingerezi si chinenero chawo, ndipo mu 1986 panatuluka malamulo a Chingerezi chosavuta cholembera mabuku a amisiri, amene lero amadziwika kuti ASD-STE100. Malamulowo amati chiganizo cholamula chisapitirire mawu 20, chofotokoza chisapitirire mawu 25, chiganizo chilichonse chikhale ndi lamulo limodzi pokhapokha ngati ntchito ziwiri zikuchitika nthawi imodzi, ndipo liwu lililonse lovomerezeka likhale ndi tanthauzo limodzi. Mabuku ambiri amene amafika kwa omasulira athu sanalembedwe motsatira malamulowa, choncho ntchito yodula ziganizo imagwera womasulira.

Koma nambala ya 20 ija musaitengere ku Chichewa monga ilili. Chichewa chimaunjika zambiri m'liwu limodzi. "Mukadzawachotsanso" ndi liwu limodzi papepala, koma muli wochita, nthawi, chochitidwa, ntchito ndi kubwereza. Chiganizo cha mawu 12 a Chichewa chikhoza kunyamula ntchito zinayi. Choyenera kuwerenga ndi aneni amene akufuna kuti dzanja lisunthe. Akapitirira mmodzi, dulani.

Nachi chiganizo cha mtundu umene umatuluka womasulira akatsatira kamangidwe ka Chingerezi mokhulupirika:

"Manati a mapini onse awiri akamasulidwa, koma osachotsedwa, handulo ikhoza kutulutsidwa sipanala italowetsedwa pa diso la chokolekera ndodo, ndipo pamafunika kusamala kuti mabushi asagwe."

Palibe liwu lolakwika m'menemo, koma tamverani mmene lingamvekere kwa munthu amene akuchita pamene akumva. Wamva za kutulutsa handulo asanamve za sipanala, pamene sipanalayo ndiyo iyenera kulowa poyamba, chifukwa ndiyo imanyamula ndodo zonse handulo ikachoka. Pa chitsime chimene silinda ili pa mamita 30 pali ndodo pafupifupi 10, zolemera pafupifupi makilogalamu 20. Chenjezo la mabushi lafika kumapeto, mabushiwo atagwa kale m'matope. "Ikhoza kutulutsidwa" sanena ngati ndi lamulo kapena chilolezo, ndipo wochita sakuoneka paliponse. Tikalemba potsata manja, zimakhala motere:

1. Khwefulani bawuti ya chivundikiro.
2. Chotsani chivundikiro. Chiikeni chagada pa simenti.
3. Khwefulani manati awiri a pini ya ndodo. Musawachotse.
4. Khwefulani manati awiri a pini ya handulo. Musawachotse.
5. Tsitsani handulo kuti chokolekera ndodo chikwere.
6. Lowetsani sipanala pa diso la chokolekera ndodo.
7. Kwezani handulo pang'onopang'ono mpaka sipanala itakhala pa mutu wa mjigo.

Chenjezo: mapini ndi mabushi angathe kugwa. Munthu wachiwiri awagwire.

8. Kokani handulo kuti ituluke.
9. Chotsani mapini ndi mabushi. Aikeni m'chivundikiro.

Chiganizo chimodzi chasanduka masitepe angapo, ndipo tsamba latalika. Eni ntchito ena amadandaula ndi zimenezi poganizira mtengo wosindikizira, koma kutalikako n'kumene kumapatsa wowerenga malo opumira ndi obwererapo akasokonezedwa. Onaninso pamene chenjezo laikidwa: patsogolo pa sitepe imene ili ndi ngozi, osati pambuyo pake. Ngakhale buku loyambirira litaika chenjezo kumapeto kwa ndime, womasulira alisunthe ndi kuwadziwitsa eni ake kuti watero. Chenjezo lalikulu kwambiri pa ntchito yonseyi limabwera pozula ndodo: pamene mukulekanitsa ndodo ya pamwamba, wina agwiritsitse imene ikadali m'paipi, chifukwa ikapulumuka zonse zimagwera pansi. Chiganizo chimenecho chikabwera pambuyo pa "lekanitsani ndodo", chachedwa.

Kufupikitsa kulinso ndi malire ake. Pali omasulira amene akamva kuti ziganizo zikhale zazifupi amayamba kudula ndi zofunika zomwe. Pa sitepe yoveka yusilo watsopano, "vekani yusilo pa pulanja" ndi chiganizo chachifupi, cholamula bwino, cha mayina olondola, koma n'chosakwanira. Yusilo ali ndi ngalande mbali imodzi, ndipo ngalandeyo iyenera kuyang'ana kumwamba. Pulanja ikamakwera, madzi a pamwamba pake amalowa m'ngalandemo ndi kukankhira milomo ya labalayo ku khoma la silinda, ndiye madzi sadutsa m'mbali. Akavekedwa chozondoka, milomoyo imapindikira m'kati, madzi amapulumuka, ndipo komiti imene yagwira ntchito m'mawa wonse imapeza mjigo ukutulutsa madzi ochepa ngati kale. Choncho sitepeyo ikhale ziganizo ziwiri: "Vekani yusilo pa pulanja. Ngalande ya yusilo iyang'ane kumwamba, kumene kuli ndodo." Mawu omalizawo ndi ofunika chifukwa pulanja ikakhala m'manja kapena itagonekedwa pa simenti, "kumwamba" kulibe tanthauzo, koma mbali ya ndodo imaoneka nthawi zonse.

Chimodzimodzinso mawu a "ngati". Lamulo limene limadalira chinthu china liyambe ndi chinthucho: "Ngati bobini yang'ambika, isintheni." Mukayamba ndi "sinthani bobini", munthu uja wayamba kale kuitulutsa musanafike pa "ngati".

Manambala alembedwe m'manambala. "Zisanu ndi zitatu" pa liwiro la wowerenga akhoza kumveka ngati zisanu, kapena ngati magulu awiri, pamene 8 sasokoneza. Ndipo pamene buku lapereka muyeso, womasulira asausandutse "pang'ono" kapena "kangapo". Pomaliza kukonza pamakhala kuyesa mjigo. Mumajiga mpaka madzi atayamba kutuluka bwino, kenako mumatchera ndowa ndi kujiga ka 40, handulo ikufika pamwamba ndi pansi, pa mphindi imodzi. Silinda ya Afridev ndi ya mamilimita 50 m'mimba mwake, ndipo kujiga kumodzi kodzaza kumakweza madzi opitirira pang'ono malita 0.4, choncho mjigo wabwino umapereka malita 15 kapena kuposerapo. Munthu wa m'mudzi alibe choyezera malita, koma ali ndi ndowa ya malita 20. Womasulira asunge 40 ndi 15 momwe zilili, n'kuwonjezera kuti madziwo afike magawo atatu a magawo anayi a ndowa ya malita 20. Kuyesa kwina ndi kwa kudontha: mjigo ukapuma mphindi 30, madzi ayenera kutuluka musanajige kopitirira ka 5. Akachedwa, ndiye kuti akubwerera pansi, ndipo poyamba kukayikira ndi pa bobini ya futuvalavu, pa oring'i kapena pa mfundo za mapaipi, osati pa yusilo. Apa mukuona chifukwa chake mayina anayi a malabala aja sangaphatikizidwe: zizindikiro ziwiri zosiyana zikuloza malabala osiyana.

Kudziwa ngati zatheka

Mabungwe ambiri amayesa ntchito ya womasulira popereka Chichewacho kwa munthu wina kuti achibwezere m'Chingerezi, kenako n'kufananiza. Njirayi imagwira nambala imene yasowa kapena sitepe imene yadumphidwa, ndipo pa zimenezo ndi yothandiza. Koma siigwira zolakwika zimene takambazi. Chiganizo chachitali cha handulo chija chikabwezeredwa m'Chingerezi chimafanana kwambiri ndi choyambirira, ndipo chimapambana mayesowo, pamene masitepe odulidwa bwino aja amaoneka ngati apatuka. Wobwezera amadziwanso Chingerezi, ndiye akaona "labala" kapena "masulani" amalingalira chimene chinalipo n'kuchikonza m'mutu mwake osazindikira.

Kuyesa kwenikweni kumachitikira pa mjigo. Pezani anthu awiri a m'komiti amene sanakonzepo mjigo posachedwa, mmodzi aziwerenga mokweza, winayo azichita, makaniko ali pambali kuti aletse ngozi yokha. Womasulira akhale ndi pensulo ndipo atseke pakamwa, ngakhale ataona kuti akusochera, pakuti pa tsiku lenileni iye sadzakhalapo. Zizindikiro zake n'zoonekeratu. Wowerenga akabwereza chiganizo kawiri, chiganizocho chalemera. Wochita akafunsa kuti "iti?", dzina kapena kamlowam'malo kasokoneza. Akagwira chipangizo china osafunsa n'komwe, vuto ndi lalikulu kuposa pamenepo, chifukwa dzinalo likuloza chinthu cholakwika ndipo munthu sakukayika. Akachita sitepe isanawerengedwe, mwina ndondomeko ya papepala siikugwirizana ndi mmene ntchito imayendera. Ndipo wowerenga akasiya pepala n'kuyamba kufotokoza m'mawu akeake, lembani mawu amenewo msanga, chifukwa kawirikawiri ndiwo amene anayenera kukhala m'bukumo.

Nthawi zina kuyesaku kumaulula kuti cholakwika chili m'buku loyambirira. Afridev wakhala akusinthidwa m'zaka zonsezi: pali mijigo ya pulanja ya pulasitiki ndi ya pulanja ya mkuwa, pali ndodo zokolekana ndi zopotokola. Buku likhoza kufotokoza mtundu umodzi pamene m'midzi imene likupita muli mtundu wina. Womasulira asakonze yekha mwakachetechete, ndiponso asamasulire chinthu chimene waona ndi maso kuti sichikugwirizana ndi mjigo umene uli patsogolo pake. Alembe funso kwa eni buku, atchule tsamba ndi sitepe, anene chimene chinachitika poyesa, ndipo adikire yankho. Yankho likasintha dzina la chipangizo kapena mneni, kusinthako kuyambire mu mndandanda wa mayina, kenako kufufuzidwe m'buku lonse, pa mawu a pansi pa zithunzi, pa chikwangwani chopachika pa mjigo, ndi pa fomu imene msungichuma amalembapo zipangizo zogula.